Moni kwa munthu amene simumvana naye chilankhulo: mafunso a pa Namadzi

Namadzi ali pa msewu waukulu wochokera ku Limbe kupita ku Zomba, ndipo malo a m'mbali mwa msewu sasankha alendo. Galimoto ikafa, minibasi ikaima kuti anthu agule tomato, kapena munthu akasochera pofuna njira ya ku Magomero, amene ali pafupi ndiye amalandira mlendoyo, kaya amvana naye kaya ayi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amakonda kufunsa za kamphindi koyambako, pamene anthu awiri ayang'anana koma pakamwa palibe chothandiza.

Kodi pa Namadzi pano munthu angakumanedi ndi wina amene samva Chichewa ngakhale pang'ono?

Inde, ngakhale si tsiku ndi tsiku. Anthu a kuno, kaya ndi Alomwe, Ayao kapena Amang'anja, pafupifupi onse amalankhula Chichewa, choncho pakati pa eni dera vuto limeneli silioneka kawirikawiri. Amene amatisowetsa mawu ndi odutsa: woyendetsa lole wa ku Tanzania amene amadziwa Chiswahili chokha, wamalonda wochokera mkatikati mwa Mozambique amene amalankhula Chipwitikizi ndi chilankhulo cha kwawo, Mtchaina wogwira ntchito ya zomangamanga, kapena mzungu wapanjinga amene akuzungulira maiko. Palinso gulu lina limene timaliiwala chifukwa ndi anzathu apamudzi pomwe pano, ndiwo anthu osamva. Onsewa amafika pa benchi ya msika kapena pa khonde la munthu, ndipo woyamba kukumana nawo kawirikawiri sakhala mphunzitsi kapena wapolisi. Amakhala mayi wogulitsa nthochi kapena mnyamata wa kabaza.

Ndiyambe ndi chiyani, mawu, dzanja kapena kumwetulira?

Yambani ndi kuima. Moni wa kwathu kuno, tikauyang'anitsitsa, mbali yake yaikulu si mawu. Munthu amasiya chimene akuchita, amatembenukira mnzakeyo thupi lonse, amatsitsako mapewa, kenaka n'kulankhula. Mlendo amene sakumva liwu lililonse amaona zonsezi, ndipo amadziwa kuti mwamupatsa nthawi yanu. Mukamupatsa moni mukuyenda, kapena maso ali pa foni, ngakhale mutatchula bwino mawu a chilankhulo chake, amaona kuti mukufuna adutse msanga.

Mukaima, siyani mpata wa mapazi awiri kapena atatu pakati panu. Manja anu aoneke. Ngati mwanyamula chikwanje kapena khasu, ikani pansi, chifukwa inu mukudziwa kuti mukuchokera kumunda koma iye sakudziwa. Ngati mwavala chipewa, vulani kapena chigwireni pang'ono. Mukatero muyang'aneni kumaso kamphindi, mwetulirani, nenani moni wanu, ndipo dikirani. Kudikirako ambiri kumatikanika. Tikaona kuti munthu sanayankhe msanga timathamangira kuwonjezera mawu ena, pamene iye anali akusakasaka m'mutu choti ayankhe. Mupatseni mpata ngati wopuma kawiri. Dzanja libwere pomaliza, ndipo libwere pang'onopang'ono, kuti ngati sakufuna kugwirana chanza athe kusonyeza popanda wina kuchita manyazi.

Nanga ndilankhule Chichewa pamene ndikudziwa kuti sakumva?

Lankhulani. Kukhala duu n'kumangogwedeza manja kumachititsa mlendo mantha kuposa mawu amene sakuwamva. Munthu akamva "Moni bambo, muli bwanji?" satola tanthauzo la mawuwo, koma amamva kuti liwu ndi lofatsa, kuti lakwera kumapeto ngati funso, ndiponso kuti mwasiya mpata woti ayankhe. Nthawi zambiri amayankha m'chilankhulo chake, ndipo pamenepo mwapindula, chifukwa mwamva chilankhulo chimene mungamufunire womasulira.

Pali zikhulupiriro ziwiri zimene zimatisokoneza. Choyamba ndi chakuti aliyense wa khungu loyera amadziwa Chingerezi. Mfalansa, Mtaliyana kapena Mtchaina akhoza kuchidziwa pang'ono kuposa mwana wa Sitandade 6 wa kuno. Chachiwiri ndi chakuti munthu akapanda kumva, ndiye tikweze mawu. Makutu ake ali bwinobwino. Mukakweza mawu iye amaona ngati mwakwiya, anthu amayamba kusonkhana, ana amayamba kuseka, ndipo moni uja wasanduka chionetsero. Chothandiza ndi kuchepetsa mawu, osati kuwakweza. Nenani liwu limodzi kapena awiri, pang'onopang'ono, mukuloza chinthucho.

Ndi mawu ati ochepa amene ndi bwino kuwasunga m'mutu?

M'chilankhulo chilichonse mawu awiri amakwanira poyamba: la moni ndi lothokoza. Kwa wa Chiswahili nenani "habari", iye adzati "nzuri", ndipo pothokoza ndi "asante". Ngati ndi munthu wachikulire, Aswahili amati "shikamoo", wamkuluyo n'kuyankha "marahaba". Kwa wa ku Mozambique, m'mawa ndi "bondiya", masana "bowatadi", ndipo pothokoza mwamuna amati "obirigado", mkazi amati "obirigada". Kwa Mtchaina ndi "nihawo", pothokoza "shiyeshiye". Kwa Msilamu wa dziko lililonse, "asalamu alaikumu" amamveka, ndipo kuno kwathu kumene Asilamu ndi ambiri ngakhale mwana amadziwa kuyankha kwake.

Za kwathu konkuno nazonso zisatayidwe. Agogo a Chiyao amene Chichewa amachimva bwino amasangalalabe mukati "ali uli?", iwo n'kuyankha "ndili chenene". Kwa agogo a Chilomwe, "moseliwa?" m'mawa amatsegula nkhope. Mtumbuka wofika kumene kuchokera kumpoto mungamuti "muli uli?", pothokoza "yewo".

Chenjezo ndi limodzi. Mukatchula bwino moni, mlendo amaganiza kuti chilankhulocho mumachidziwa, ndiye amakhuthula nkhani yonse. Musachite ngati mukumva. Sekani pang'ono, pukusani mutu, sonyezani ndi chala chachikulu ndi cholozera kuti mumadziwa kachepe chabe. Ndipo musamangoganizira mtundu wa munthu poona nkhope. Mjapani kapena Mkoreya amene anthu akumukuwa "nihawo" mumsewu monse amatopa nazo, monga momwe Mmalawi angatopere ku Joni anthu akamamulankhula ngati wa dziko lina. Ngati simukudziwa kumene wachokera, moni wa Chichewa ndiye wosalakwa.

Amati kumwetulira kumamveka dziko lonse. Kodi ndi zoona?

Ndi zoona mbali imodzi. Katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, Paul Ekman, anapita ku Papua New Guinea cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kukaonetsa zithunzi za nkhope kwa anthu a mtundu wa Fore, amene anali asanakumane kwambiri ndi anthu akunja. Nkhope ya chisangalalo anaizindikira mosavuta. Choncho mukamwetulira, palibe amene angaganize kuti mukufuna ndewu.

Koma kuzindikira kumwetulira si kudziwa chifukwa chake. Ife tomwe timamwetulira tikachita manyazi, tikasowa chonena, ngakhale tikalakwa. Mlendo amene akudandaula kuti chikwama chake chatsala m'minibasi, inu n'kumamwetulira chifukwa simukumva, amaona ngati mukumuseka. Mbali inayo, alipo anthu, monga ambiri a ku Russia, amene kwawo kumwetulira munthu wosamudziwa si chizolowezi. Nkhope yawo ikakhala yosasintha sikuti akukunyozani.

Ndiye pali malo amene kumwetulira sikuyenera konse. Mlendo akafika pamene pali masamba pamsewu, iye sadziwa kuti pali maliro. Amabwera ndi nkhope yowala, mwina ndi kamera m'manja. Pamenepa musamukalipire. Mmodzi apite kukakumana naye asanafike pa anthu, nkhope ili yofatsa, atsitse dzanja pansi pang'onopang'ono kusonyeza kuti achepetse liwiro, avule chipewa chake kuti mlendoyo aone, ndipo ngati ali panjinga amusonyeze kuti atsike. Anthu ambiri amamva nthawi yomweyo, chifukwa imfa ili kwawonso.

Ndinatambasula dzanja koma sanalilandire. Kodi anandinyoza?

Kawirikawiri ayi. Asilamu ena sagwirana chanza ndi munthu amene si mwamuna kapena mkazi mnzawo, ndipo m'malo mwake amaika dzanja lamanja pachifuwa n'kuweramitsa mutu pang'ono. Umenewo ndi moni wathunthu. Ahindu ambiri amaphatikiza zikhatho patsogolo pa chifuwa, ndipo Ajapani amawerama. Kuyambira mu 2020, pamene matenda a Covid-19 anafika m'dziko muno, palinso anthu amene anazolowera kugundana zigongono kapena zibakera, ndipo nthawi ya kolera azaumoyo amaletsanso kugwirana chanza. Dzanja lanu likatsala m'malere, musalibweze mwamphamvu. Lipititseni pachifuwa panu, kapena ombani m'manja mofatsa monga timachitira kwa akulu, ndipo nkhani yatha.

Nafenso tili ndi zathu zimene zimadabwitsa alendo. Mayi amene akutsuka mbale kapena kukonza nsomba amapereka mkono m'malo mwa chikhatho, ndipo mlendo amasowa pogwira. Timagwiriza mkono wamanja ndi dzanja lamanzere posonyeza ulemu, timagwirana chanza nthawi yaitali tikucheza, ndipo mwana kapena mtengwa amagwada n'kuyang'ana pansi. Azungu ambiri anaphunzitsidwa kuti munthu wosayang'ana m'maso akubisa kanthu, ndipo ena akaona mayi akuwagwadira amathamangira kumudzutsa. Ine ndimaona kuti sitiyenera kusiya ulemu wathu chifukwa cha mlendo. Kungoti pa munthu amene simumvana naye, kwezani maso kamodzi kuti aone nkhope yanu, kenaka chitani monga mwa masiku onse.

Ndi zizindikiro ziti za manja zimene zimasokoneza kwambiri?

Choyamba ndi kukodola. Ife poitana munthu timatambasula dzanja chikhatho chitayang'ana pansi, n'kumapinda zala. Azungu ambiri potsanzika, makamaka kwa ana, amakweza dzanja n'kumapinda zala chimodzimodzi. Ndiye mzungu akuti "tsalani bwino", ana akumva "bwerani", n'kumuthamangira. Iwo poitana munthu amatembenuza chikhatho m'mwamba, mwina n'kugwiritsa chala chimodzi, chimene kwa munthu wamkulu wa kuno ndi chipongwe. Mlendo akakukodolani choncho, dziwani kuti sakudziwa.

Chachiwiri ndi kusonyeza msinkhu wa mwana. Mlendo akafuna kukuuzani kuti ali ndi ana awiri, amayala chikhatho choyang'ana pansi pa msinkhu wa mwanayo. Kwathu kuno timayeza choncho mbuzi kapena chimanga, ndipo pa munthu timaimika dzanja zala zitaloza m'mwamba. Agogo ena amakwinya nkhope akaona zimenezi, pamene mlendoyo amangofuna kucheza za banja lake.

Chachitatu ndi kuwerenga ndi zala, ndipo ichi chimatayitsa ndalama. Atchaina amawerenga mpaka khumi ndi dzanja limodzi. Akatambasula chala chachikulu ndi cholozera, inu mumaona ziwiri, iye akutanthauza zisanu ndi zitatu. Akatambasula chachikulu ndi chaching'ono, ndi zisanu ndi chimodzi. Pa mtengo wa katundu zala zisiyeni. Lembani nambala pa foni, papepala kapena pansi ndi kamtengo, iye alembenso yake.

Mlendo wotere akafika pakhomo panga, ndichite bwanji kuyambira poyamba mpaka pomaliza?

Tiyerekeze kuti lole yafa pafupi ndi mlatho wa Namadzi dzuwa likupendeka, ndipo woyendetsa, wa ku Mozambique, wafika pakhomo panu atanyamula chigubu. Sananene "odi", wangoima m'mphepete mwa bwalo. Chimenecho si chipongwe. Kuima pataliko ndiye odi wake.

Tulukani, ndipo ngati pali galu muyambe mwamuthamangitsa. Nenani "lowani" mukusonyeza ndi dzanja lonse, osati chala. Mwambo wathu ndi wakuti mlendo amayamba wakhala pansi, moni n'kubwera pambuyo, koma iye sakudziwa zimenezo, ndipo mukangotembenuka kukatenga mpando osanena kanthu adzaganiza kuti mwamuthawa. Choncho mupatseni kaye moni wachidule ali chiimire, tumani mwana akatenge mpando, inu mukhale pomwepo. Mpando ukabwera, ugwireni ndi dzanja n'kumuyang'ana. Akakhala, mupatseni moni weniweni. Ngati apabanja ali ambiri, asachite kubwera mmodzimmodzi onse monga timachitira ndi alendo a kwathu, chifukwa munthu amene akuyankha funso limodzimodzi kasanu osalimva amayamba kuda nkhawa. Akulu awiri akwanira.

Kenaka dzigwireni pachifuwa n'kutchula dzina lanu lokha, popanda mawu ena. Mutambasulireni dzanja lotsegula, adzatchula lake. Libwerezeni kuti amve kuti mwaligwira. Tsopano lozani chigubu chija n'kukweza nsidze. Apa mpamene pamagona nkhani: akufuna madzi akumwa, madzi othira mu injini, kapena dizilo? Musaganizire. Nunkhizani chigubucho. Tengani kapu ya madzi, yerekezani kumwa, muone ngati avomera. Akapukusa mutu n'kuloza kumsewu, akuyerekeza kuthira, ndiye kuti ndi a galimoto, ndipo a pachitsime akwanira. Ngati ndi akumwa, mupatseni a pamjigo kapena othira mankhwala, ndipo akazengereza kumwa musakhumudwe, chifukwa apaulendo ambiri amaopa kutsegula m'mimba.

Akatulutsa ndalama inu simukufuna, musakankhe dzanja lake. Ikani dzanja lanu pachifuwa, pukusani mutu mukumwetulira. Pochoka muperekezeni mpaka pamsewu monga mwa mwambo, koma pofika pamene mukubwerera imani, mugwireni chanza, lozani kunyumba kwanu, kuti adziwe kuti simukumutsatira kuti akulipireni. Ngati vuto lake ndi lalikulu, monga matenda kapena kuberedwa, manja sangalithe. Pitani naye kwa amfumu, kupolisi kapena kuchipatala, kapena funani pamsika munthu amene anakhalako ku Mozambique.

Kodi makolo athu ankatani alendo oyamba atafika kuno?

Dera lino lili ndi chitsanzo chodziwika. Mu Julayi 1861, David Livingstone anafika ndi Bishopu Charles Mackenzie ndi gulu la amishoni a UMCA, ndipo mfumu Chigunda inawalola kukhala pa Magomero, pamene mtsinje wa Namadzi umakhota. Amishoniwo sankadziwa Chimang'anja. Ankadalira omasulira, ndipo zambiri zinkayenda ndi maso ndi manja.

M'buku lake la ulendo wa ku Zambezi, limene linatuluka mu 1865, Livingstone anafotokoza mmene Amang'anja a kumapiri kuno ankalandirira alendo. Mlendo ankapita molunjika pabwalo, ankamuyalira mphasa, ankakhala pansi kudikira, mfumu ikafika anthu ankaomba m'manja pamodzi, ndipo pambuyo pake mpamene nkhani inkayamba ndi mphatso kuperekedwa. Mwambowu unali wothandiza kwambiri kwa anthu osamvana chilankhulo, chifukwa munthu amene wakhala pamphasa, manja ali poyera, wasonyeza kale kuti sanabwere ndi nkhondo asanatsegule pakamwa.

Mbiri yomweyo ikusonyezanso pamene zizindikiro zimalephera. Mwezi womwewo gululi linapita kukakumana ndi Ayao, ndipo Livingstone analemba kuti iye ndi anzake ankafuula kuti abwera kudzakambirana. Koma ena mwa Amang'anja amene anawatsatira anayamba kufuula dzina la Chibisa, mfumu imene inkadziwika pa nkhondo. Ayao anamva dzinalo, anaona gulu la adani awo lili ndi anthu amfuti, ndipo panabuka kumenyana. Mawu a mtendere analipo, koma anthu anakhulupirira zimene maso awo ankaona. Mackenzie anamwalira mu Januwale 1862, ndipo chaka chomwecho amishoni anachoka pa Magomero. Ngakhale lero, mukapita kukalankhula ndi mlendo muli ndi gulu la anyamata kumbuyo kwanu akukuwa, iye amamvera gululo, osati moni wanu.

Nanga munthu wosamva, moni wake ndi womwewu?

Zambiri ndi zomwezo, koma pali kusiyana. Anthu osamva ali ndi chilankhulo chawo chamanja, chokhala ndi malamulo ake, ndipo si kungolozaloza ayi. Sichili chimodzi dziko lonse lapansi: cha ku Malawi ndi china, cha ku Britain ndi china. M'boma lathu lomwe lino la Chiradzulu muli sukulu ya ana osamva ya Maryview ku Nguludi, ndipo bungwe la MANAD ndi limene limaimira anthu osamva m'dziko muno.

Pofuna kupereka moni, yambani mwaonetsetsa kuti wakuonani. Bwerani cha kutsogolo, gwedezani dzanja pamene maso ake angaone, kapena mugwireni paphewa mofatsa. Musamuponyere kamwala, ndipo musamudzidzimutse kumbuyo. Imani poti kuwala kukugwereni kumaso, osati dzuwa lili kumsana kwanu. Lankhulani monga mwa masiku onse, osakokomeza milomo, chifukwa amene amawerenga milomo amasokonezeka mukaikokomeza. Apa kuyang'ana pansi kwa ulemu kuja sikuthandiza, chifukwa mukachotsa maso ndiye kuti mwadula nkhani. Ngati ali ndi womasulira, yang'anani mwini wakeyo, osati womasulirayo.

Wagwedeza mutu ndipo wamwetulira. Ndidziwa bwanji kuti wamvadi?

Simungadziwe ndi mutu wokha. Munthu amene sakumva amagwedeza mutu kuti asakukhumudwitseni, ndipo ifenso timati "eya, eya" kwa mlendo pamene sitinatolepo kanthu. Kugwedezako nakonso sikufanana kulikonse. Amwenye ambiri amapendeketsa mutu uku ndi uku povomera, ife n'kumaona ngati akukana kapena akukayika. Ife timavomera pongokweza nsidze, mlendo osaona n'komwe kuti tayankha.

Pa moni zimenezi sizipweteka munthu. Zimapweteka moni ukatha, pamene mwayamba kukambirana mtengo, njira kapena nthawi. Wa kabaza amene wanyamula mlendo atangogwirizana ndi mitu amakakangana naye pofika, wina akuti tinapangana K1,000, wina akuti K2,000, ndipo aliyense akunena zoona za mumtima mwake. Njira yake ndi kumuchititsa munthuyo kanthu m'malo momufunsa ngati wamva. Pa mtengo, alembe yekha nambala, kapena akuonetseni ndalamayo musananyamuke. Pa njira, mutamulozera, mulekeni alozenso yekha. Akaloza ku Zomba pamene inu mumanena ku Limbe, mwagwira cholakwacho asanakwere minibasi. Pa nthawi, musonyezeni pa wotchi kapena pa foni.

Mukhozanso kumuyesa ndi funso limene yankho lake loona ndi "ayi". Ngati akupita ku Zomba, lozani mbali ya ku Limbe n'kunena "Zomba?" Akavomeranso pamenepo, ndiye kuti wakhala akuvomera chilichonse kuyambira poyamba, ndipo muyenera kuyambiranso ndi pepala, kapena kutuma mwana akaitane munthu wodziwa chilankhulo chake.